Kuchotsa laimu wokakamira m'ketulo, pampopi ndi pashawa: viikani, musakweche

Ketulo ikayamba kuchedwa kuwira, ndipo mukasuzumira mkati mukuona zoyera zolimba zitamata pansi, anthu ambiri amathamangira waya wokwechera mapoto. Amakwecha mpaka mkono kuwawa, ketulo n'kukandikakandika, zoyerazo zili phee. Zomwezo zimachitika kukamwa kwa mpopi ndi kumutu kwa shawa, kumene madzi amayamba kutuluka mopendama, ena kumenya khoma, ena kukulasani m'maso.

Zoyerazo ndi laimu amene amabwera atasungunuka m'madzi, ndipo amatsala madziwo akawira kapena akauma. Sopo samusungunula. Chimene chimamusungunula ndi asidi wofooka wa kukhitchini, koma pokhapokha asidiyo atakhala pamalopo nthawi yokwanira, ali wonyowa, ndiponso ali wokwanira. Ntchito yonse yagona pamenepo.

## Zofunika kukonzeratu

- Viniga woyera, wolembedwa 5 peresenti pabotolo. Wabulawuni amagwiranso ntchito, kungoti amasiya fungo ndi mtundu.
- Kapena sitiriki asidi, ufa woyera wowawasa wooneka ngati shuga, umene umagulitsidwa pamodzi ndi zophikira makeke. Alibe fungo, ndiye kuketulo ine ndimasankha ameneyu.
- Kapena mandimu a pamsika, ngati laimu wake ndi wochepa.
- Mswachi wakale, siponji yofewa ndi kansalu ka thonje.
- Pepala la pulasitiki lolimba, losabooka. Pepala la shuga lotsuka bwino limakwana.
- Mphira yomangira, ngakhale yodula ku chubu cha njinga.
- Pulayala kapena sipanala, ndi kamtengo kotokosera m'mano.
- Beseni kapena jagi ya pulasitiki. Chiwiya cha aluminiyamu chisiyeni.

## Yambani mwayesa ngati alidi laimu

Kuno ku Mzuzu madzi sali amtundu umodzi. Amene ali pamipopi ya Northern Region Water Board amamwa madzi ochokera kudamu la Lunyangwa, ndipo madzi a m'madamu ndi m'mitsinje nthawi zambiri sakhala ndi laimu wochuluka ngati a pansi pa nthaka. Amene amatunga pamjigo kapena amene anakumba chitsime chawo n'kupopera madzi m'thanki ndiwo angakumane ndi vutoli msanga, ngakhale kuti mijigo nayonso imasiyana. Ndiye musanawononge botolo la viniga, yesani kaye.

Palani pang'ono zokakamirazo, muziike m'kapu, ndipo mudonthezerepo viniga. Zikayamba kutulutsa tithovu ting'onoting'ono, ndipo mukayandikitsa khutu mukumva kuti syooo, ameneyo ndi laimu. Zikangokhala chete, vuto ndi lina. Zoterera zotuwa za pamatailosi nthawi zambiri ndi litsiro la sopo, zofiira zopukutika ndi chala ndi dothi la m'mapaipi, makamaka nthawi ya mvula, ndipo zakuda za m'makona ndi nkhungu. Laimu amatha kuoneka wachikasu kapena wabulawuni ngati madziwo ali ndi dzimbiri, koma amachitabe thovu.

Thovulo mulikumbukire, chifukwa ndilo lidzikuuzani mmene ntchito ikuyendera. Likamatuluka, asidi akudya laimu. Likasiya, ndiye kuti laimu watha kapena asidi watha mphamvu.

## Ketulo yamagetsi

1. Zulani pulagi, khuthulani madzi onse, ndipo tsukuluzani kuti tizidutswa tomasuka tichoke. Tizidutswato tikatsala timangodya asidi pachabe. Ngati kukamwa kwa ketulo kuli kasefa kochotseka, kachotseni mukaviike padera m'kapu.

2. Sakanizani. Ngati ndi viniga, theka viniga theka madzi: mamililita 500 a viniga ndi mamililita 500 a madzi. Ngati ndi sitiriki asidi, masupuni aakulu awiri, omwe ndi pafupifupi magalamu 30, m'lita imodzi ya madzi. Madziwo amize elementi, chitsulo chotenthetsa madzi chija, ndi malo onse amene pali laimu.

   Chenjezo: musadzaze mpaka pamzere wolembedwa MAX. Asidi akakumana ndi laimu wambiri amafufuma, ndipo thovu likasefukira limatsikira kunsi kumene kuli zamagetsi. Musapitirire theka kapena magawo awiri mwa atatu a ketulo.

3. Yatsani, ndipo imani pomwepo. Mukangoona kuti madzi atentha kwambiri, atsala pang'ono kuwira, zimitsani nokha. Kuwiritsa mobwatitsa sikuthandiza. Viniga akamabwata amatulutsa nthunzi yotsamwitsa ndi yowawa m'maso, choncho tsegulani windo. Sitiriki asidi naye akawiritsidwa nthawi yaitali ali wochuluka amatha kusiya ufa wina woyera pansi, umene umavuta kuchotsa.

4. Zulani pulagi, musiye kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Apa m'pamene ambiri amalephera. Amadikira mphindi zisanu, n'kusuzumira, n'kunena kuti zabodza izi. Pitani mukachite zina.

5. Khuthulirani m'sinki kwinaku mutatsegula mpopi. Pukutani mkati ndi siponji yofewa. Laimu wotsala amakhala atafewa, amangosendeka. Amene akukanabe musamukanganule ndi mpeni, bwerezani kuviika ndi asidi watsopano.

6. Tsukuluzani katatu, kenaka wiritsani madzi oyera n'kuwataya. Ngati munagwiritsa ntchito viniga, wiritsani kawiri, apo ayi tiyi wam'mawa adzanunkha ndipo mkaka ungathe kudukamo. Pukutani kunja ndi kunsi kuume musanaibweze pachoikapo chake.

Magetsi akakhala kuti azima, tenthetsani madzi pambaula m'poto wina, muwathire m'ketulo, kenaka muthiremo asidi. Zotsatira zake n'zomwezo.

### Laimu akakhala wokhuthala

Tinene kuti banja lina ku Mchengautuwa limatunga madzi pamjigo, ndipo ketulo yawo ya malita 1.7 yatha chaka chathunthu osatsukidwa mkati. Pansi pamata laimu wokhuthala ngati nkhoko za nsima. Athira viniga ndi madzi monga tafotokozera, thovu latuluka lambiri, patapita mphindi 20 zonse ziii. Akhuthula, laimu akadalipo, kungoti wachepa. Ambiri pamenepa amaganiza kuti viniga wake ndi wachabechabe.

Vuto si viniga, koma kuchuluka kwake. M'mamililita 500 a viniga wa 5 peresenti muli asidi weniweni wokwana magalamu 25 okha, zina zonse ndi madzi. Magalamu 25 amenewo sangasungunule laimu wopitirira magalamu pafupifupi 20. Masupuni awiri a sitiriki asidi nawo malire ake ndi chapomwepo, kungoposa pang'ono. Ngati m'ketulomo muli laimu wa magalamu 50, pafunika kuviika katatu, ulendo uliwonse ndi asidi watsopano. Kusiya madzi akale aja usiku wonse sikungasinthe kanthu, chifukwa mphamvu yawo inatha kalekale.

Mungadziwe bwanji kuti yatha? Thiraninso theka la kapu ya viniga m'madzi omwewo. Thovu likayambiranso, ndiye kuti asidi woyamba anali atatheratu. Khuthulani, kokololani zofewa ndi siponji kuti asidi watsopano asavutike nazo, ndipo yambaninso. Ulendo wachitatu mudzaona chitsulo chikuwala pansi, ndipo mukawonjezera viniga sipadzakhalanso thovu. Mwatha pamenepo.

Banja ngati limeneli likamaviika kamodzi pamwezi, ulendo umodzi umakwana.

### Ketulo ya pambaula

Ngati ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, chitani chimodzimodzi. Ngati ndi ya aluminiyamu, yopepuka yotuwa ija, chepetsani mphamvu: gawo limodzi la viniga, magawo atatu a madzi, ndipo musapitirire mphindi 20 ulendo umodzi. Asidi akakhalitsa amadya aluminiyamu n'kusiya timaenje. Pa maketulo akale dziwaninso kuti nthawi zina laimu ndiye amakhala atatseka kabowo. Mukamuchotsa ketulo n'kuyamba kudontha, bowolo linalipo kale.

## Mpopi

Vuto la mpopi ndi loti viniga mukangothira amatsetsereka n'kupita. Pafunika njira yomugwirira pamalopo.

1. Tsukani mpopi ndi sopo wa mbale, mutsukuluze ndi kupukuta. Mafuta ndi litsiro la sopo zimatchinga asidi kuti asafike palaimu.

2. Yang'anani kukamwa kwa mpopi. Mipopi yambiri ya m'nyumba ili ndi kachitsulo kozungulira komangidwa ndi mazinga, mkati mwake muli kasefa. Madzi akamatuluka mopendama kapena pang'onopang'ono, vuto limakhala mmenemo. Tsekani kaye bowo la sinki ndi nsalu kuti tizipangizo tisagwere m'paipi, kenaka masulani ndi dzanja. Kakakana, kulungani nsalu musanagwire ndi pulayala.

   Chenjezo: mano a pulayala akagwira chitsulo chopanda nsalu amasiya zipsera zosachoka. Kakakanabe, musakakamize. Laimu ndiye wamanga mazingawo, choncho viikani kaye monga pa nambala 4, muyesenso pambuyo pake.

3. Tulutsani za mkati n'kuziyala pansalu motsatana ndi mmene mwazichotsera, kapena muzijambule ndi foni. Viikani kasefa ndi kachitsulo m'kapu ya viniga wofunda kwa mphindi 30 mpaka ola. Kalabala kotsekera madzi musakaviike, ingokatsukani. Pambuyo pake tsukani ndi mswachi, mugogode kasefa mozondotsa kuti mchenga utuluke. Asidi sasungunula mchenga.

4. Pa thupi la mpopi, nyowetsani kansalu ndi viniga wosakaniza theka ndi theka, mukulunge pamene pali laimu, makamaka m'munsi mwa chotsegulira ndi pamene mpopi wakhala pasinki. Phimbani ndi pepala la pulasitiki kuti kansalu kasaume, mumange ndi mphira. Ngati laimu ali kukamwa kokha, dulani ndimu pakati, mulisomeke kukamwa kwa mpopi mozungulitsa mpaka ligwire, mulimange ndi pepala. Limagwira bwino ntchito palaimu wopyapyala.

5. Pakatha mphindi 30 masulani, tsukani ndi mswachi, muone. Ngati patsala, nyowetsaninso kansalu ndi viniga watsopano kwa mphindi zina 30.

   Chenjezo: mipopi yonyezimira ija mkati mwake ndi chitsulo china, kunjaku anangokutira kachikopa kopyapyala. Pamene pakandika kale, asidi amalowa pansi pa kachikopako n'kuyamba kukasenda. Ndiye musasiye usiku wonse. Mipopi yakuda, yooneka ngati golide, kapena ya mkuwa imathimbirira msanga. Yesani kaye pamalo osaonekera, ndipo musapitirire mphindi 15.

6. Tsukuluzani ndi madzi ambiri, pukutani kuume. Musanabwezeretse kasefa, tsegulani mpopi kwa kanthawi kuti zinyalala za m'paipi zituluke. Mangani ndi dzanja lokha. Pakamadontha m'mbali, nthawi zambiri kalabala kakhala mopendama kapena mwakaiwala pansalu.

Mpopi wa panja wa mkuwa uja ulibe kasefa. Mangani pepala la pulasitiki lokhala ndi viniga kukamwa kwake kwa mphindi 15, basi. Koma samalani kuti viniga asatayikire pasimenti, chifukwa simenti nayo ili ndi laimu ndipo imadyeka.

## Mutu wa shawa

Musanachite chilichonse, funsani: kodi shawayi imatenthetsa yokha madzi? Ngati kumutu kwake kukupita waya wamagetsi, werengani kaye gawo la m'munsimu.

Kwa shawa wamba, yambani ndi muyeso. Ikani chidebe pansi, tsegulani shawa yonse, muwerenge masekondi amene chidebecho chitenge kuti chidzaze. Mukamaliza ntchito mudzayesanso, ndipo mudzadziwa ngati mwapindula.

1. Masulani mutu wa shawa pamene walumikizana ndi paipi. Gwirani paipi ndi dzanja lina kuti isatembenukire limodzi, chifukwa ikamasuka mkati mwa khoma mwadziputira ntchito ya pulambala. Tulutsani kalabala ndi kasefa kamene kamakhala polumikizira. Kasefa kameneka nthawi zambiri kamadzaza mchenga, ndipo kukatsuka kokha kumatha kubwezeretsa mphamvu ya madzi.

2. Ikani mutuwo m'jagi ya pulasitiki, timabowo titayang'ana m'mwamba kuti mpweya utuluke ndipo asidi alowe mkati. Thirani viniga theka ndi theka, kapena sitiriki asidi masupuni awiri palita, mpaka umire. Madzi akhale ofunda, oti dzanja likhoza kupirira. Owira amapinda pulasitiki, pomwe ozizira amachedwetsa ntchito. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mmene Mzuzu amazizirira muja, jagi ya m'bafa imazizira msangamsanga, choncho ivindikireni kapena muiike m'beseni la madzi otentha.

3. Siyani kwa ola limodzi. Mutu wa pulasitiki woyera ungathe kukhala maola awiri kapena atatu. Wonyezimira, ola limodzi lokha. Wakuda kapena wagolide, mphindi 15 mpaka 30.

4. Tsukani ndi mswachi. Ngati timabowo tili ndi timawere ta labala, tipikiteni ndi chala, laimu amathothoka yekha. Timabowo totsekeka tokosani ndi kamtengo ka m'mano.

   Chenjezo: singano, phini kapena msomali zimakulitsa bowo. Bowo likakula madzi ambiri amathawira pomwepo ndipo ena onse amafooka. Zimenezi sizikonzekanso.

5. Tsukuluzani mozondotsa: madzi alowere kutimabowo, atulukire kolumikizira. Mukatero tizidutswa timatuluka m'malo mokatsekanso timabowo. Bwezerani kasefa ndi kalabala, mangani, ndipo tsegulani madzi kwa mphindi imodzi musanasambe. Pamazinga pakamadontha, kulungani tepi yoyera ya mapaipi katatu kapena kanayi motsata kumene mumangira.

Ngati mutuwo sukumasuka, thirani viniga m'pepala la shuga lija mpaka theka, mulivale kumutu kwa shawa kuti timabowo tonse timire, mumange kukhosi ndi mphira zolimba. Imani pambali, osati pansi pake, chifukwa pepala likapulumuka viniga amagwera kumaso. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo. Uzaninso a m'nyumba kuti asatsegule shawa.

Tsopano yesaninso chidebe chija. Ngati chikudzaza msanga, zatheka. Ngati sizinasinthe, chotsani mutuwo n'kutsegula paipi yokha. Madzi akamatulukabe mofooka, vuto silinali laimu wa kumutu. Mwina madzi akubwera ochepa kudera lanu, thanki ili m'munsi kwambiri, kapena paipi yakale yachitsulo yatsekeka ndi dzimbiri.

### Shawa yamagetsi yotenthetsa pompopompo

Iyi musaiviike yonse, ndipo musaimangire pepala, chifukwa mkati mwake muli elementi ndi mawaya. Zimitsani swichi yake, muzimitsenso pabokosi lalikulu la magetsi. Masulani chivindikiro cham'munsi chokha, chimene chili ndi timabowo, mukachiviike padera. Mukabwezeretsa, tsegulani madzi ayende kaye magetsi ali chizimire, kenaka muyatse. Mukayatsa mkati muli mouma, elementi imapsa nthawi yomweyo. Ngati laimu wamata paelementi penipeni, itanani wodziwa zamagetsi.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusakaniza asidi ndi jiki. Ichi ndiye choopsa kuposa zonse. Viniga, mandimu kapena sitiriki asidi zikakumana ndi jiki kapena mankhwala aliwonse a kolorini zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo, ndipo m'kabafa kotseka umadzaza msanga. Ngati mwatsuka kumene ndi jiki, tsukuluzani bwinobwino musanabweretse viniga. Zikasakanikirana mwangozi, tulukani nonse, siyani chitseko ndi windo zotsegula, ndipo amene akubanika apite kuchipatala.

Kuthira soda mu viniga. Pamatuluka thovu lambiri, munthu n'kumati eee, koma ndiye zagwira. Ayi ndithu. Soda, yemwe uja wa therere, amapha asidi. Thovu limenelo ndi mphamvu ya viniga ikuthera pasoda m'malo mothera palaimu, ndipo chotsala ndi madzi amchere opanda ntchito.

Kutenga asidi waukali. Asidi wa m'batire asayandikire n'komwe. Mankhwala otsukira chimbudzi nawonso ambiri ali ndi asidi waukali amene amadetsa mpopi m'mphindi zochepa, ndipo sayenera kulowa m'chiwiya chomwera.

Kuiwala zapansi. Simenti, terazo, mwala wa mabo ndi mizere ya pakati pa matailosi zimadyeka ndi asidi yemweyu. Yalani pulasitiki kapena ikani beseni pansi, ndipo pakadontha tsukani nthawi yomweyo.

Kudalira zakumwa zoziziritsa kukhosi, bwemba kapena malambe. N'zowawasadi, koma asidi wake ndi wochepa kapena wosadziwika muyeso, ndipo shuga ndi zotsalira zake zimamata m'timabowo n'kuitana nyerere. Ngakhale madzi a mandimu asefeni kaye pakansalu musanaviikemo shawa.

Kusiya madzi agone m'ketulo. Madzi otsala akamawiritsidwa mobwerezabwereza, kwinaku mukungowonjezera ena pamwamba, laimu amachuluka msanga. Wiritsani okwanira, otsala thirani mufulasiki, ndipo usiku siyani ketulo yopanda madzi, chivindikiro chili chotsegula. Mpopi ndi mutu wa shawa zipukuteni ndi nsalu youma mukamaliza kutsuka m'bafa. Amene muli pamadzi a mjigo, onani m'ketulo kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo kasefa ka mpopi ndi shawa muziviika pakatha miyezi itatu.